Tiitane bwanji anthu odzipereka kuti tsiku lodzala mitengo liyende bwino?

Funso: Gulu lathu lapatsidwa mbande 400 za m'machubu, ndipo malo odzalapo alipo kale. Tikufuna kuitana anthu odzipereka, koma tikuopa kuti abwera ochepa, kapena abwera ambiri n'kumangoima osadziwa chochita. Tiitane anthu angati, tiwauze chiyani, ndipo abwere ndi chiyani?

Yankho: Musanalembe uthenga woitanira anthu, khalani pansi ndi pepala muwerengere ntchito imene mbande 400 zikufuna. Chiwerengero cha anthu, nthawi ndi zida, zonsezi zituluka m'masamu amenewo. Uthenga wongoti "tiyeni tonse tikadzale mitengo Loweruka" umasiya munthu ndi mafunso ambiri: akachita chiyani, aweruka nthawi yanji, angakwanitse kodi? Munthu amene sakudziwa mayankho amenewa kawirikawiri amavomera pakamwa koma tsikulo saoneka. Amene wauzidwa kuti "inu ndi mnzanu mudzala mzere umodzi wa mbande 25 ndipo pofika 11 koloko mwaweruka" amadziwa kuti akajomba, mzere wakewo ukhala wosadzala.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tingoyerekeza kuti mukudzala motalikana mamita 3 mbali zonse. Mtunda woyenera umadalira mtundu wa mtengo ndi cholinga chanu, choncho funsani amene wakupatsani mbande, koma kawerengedwe kake n'kofanana. Mbande iliyonse ikutenga malo a mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, ndiye mukapanga mizere 16 ya mbande 25, malo anu akhala pafupifupi mamita 48 mbali imodzi ndi mamita 75 mbali inayo. Gawani mizereyo m'zigawo zinayi. Chigawo chilichonse chikhala ndi mizere 4, mbande 100, ndi mtsogoleri wake. Zigawozi muzitche A, B, C ndi D, ndipo mukhome chikhomo chachitali chokhala ndi chilembocho poyambira chigawo chilichonse. Zikuoneka zazing'ono, koma n'zimene zimachititsa kuti munthu akangofika muthe kumuuza kuti "pitani ku C, mzere wachitatu" iye n'kupita yekha.

Chinthu chachikulu chimene tikukulangizani n'chakuti kukumba maenje kusakhale pa tsiku lodzala. Kukumba ndiyo ntchito yolemera kwambiri pa zonse, ndipo si aliyense angaikwanitse. Dzenje la masentimita 40 m'lifupi, 40 m'litali ndi 40 kuya limadya nthawi, ndipo pa dothi lofewa ndi mvula mungayembekezere kuti munthu wamphamvu akumba maenje pafupifupi 5 pa ola. Musadalire nambala imeneyi osaiyesa. Tumani anthu awiri akakumbe maenje 10 pamalo anu enieniwo mukuyang'ana wotchi, chifukwa pa dothi la miyala kapena louma nambalayi imatha kutsika ndi theka. Ngati yatsimikizika, munthu mmodzi akumba maenje 15 m'maola atatu, ndiye maenje 400 akufuna anthu 27 tsiku limodzi, kapena anthu 14 masiku awiri. Imeneyi ndi ntchito yapayokha yofuna uthenga wakewake, wopita kwa anthu amene azolowera khasu ndi piki, ndipo ichitike sabata imodzi kapena ziwiri tsiku lodzala lisanafike. Okumbawo auzidwe kuti dothi lapamwamba aziunjika mbali imodzi ya dzenje, lapansi mbali ina, kuti odzala adzayambe kubwezera lapamwamba, lomwe lili ndi chonde, pafupi ndi mizu. Mukaphatikiza kukumba ndi kudzala, chimene chimachitika n'chodziwikiratu: anthu ochepa amatuluka thukuta ndi mapiki, ambiri amaima ndi mbande m'manja kudikira dzenje, okumba akatopa maenje amayamba kuchepa kukula, ndipo dzuwa limakwera mbande zili pamtetete.

Maenje akakhala okumbiratu, odzala agwire ntchito awiriawiri. Mmodzi amagwira mbande pakati pa dzenje, winayo amabwezera dothi. Anthu awiri amene sanazolowere, mukawapatsa mphindi 6 pa mbande iliyonse, adzala mbande 10 pa ola mosathamanga, ndiye mzere wa mbande 25 uwatengera maola awiri ndi theka. Mizere 16 ikufuna anthu 32.

Madzi ndi amene amaiwalika kwambiri. Ngakhale mukudzala m'nyengo ya mvula dothi litanyowa, monga mmene ziyenera kukhalira, mbande imafunika kuthiriridwa ikangodzalidwa kuti dothi likhazikike ndi kugwirana ndi mizu. Pa malita 5 mbande iliyonse, mukufuna malita 2,000, omwe ndi migolo 10 ya malita 200. Ikani anthu awiri othirira pa chigawo chilichonse, onse pamodzi 8. Aliyense anyamula malita 250, kutanthauza maulendo 25 ndi kheni ya malita 10, ulendo umodzi pa mphindi 6 zilizonse. Zimenezi zimatheka pokhapokha migolo itakhala m'mphepete mwa chigawo chenichenicho, yodzazidwa dzulo lake. Ngati madzi akatungidwe kutali tsiku lomwelo, anthu 8 sakwanira n'komwe, ndipo n'kwabwino kudziwa zimenezi panopa osati mbande zitalowa kale pansi.

Onjezerani munthu mmodzi pa chigawo chilichonse wonyamula mbande pa wilibala kuchokera pamthunzi kupita kumizere, pang'onopang'ono, osati kuzimwaza zonse pamaenje m'mawa. Kenako atsogoleri 4, anthu awiri olembera obwera ndi kusunga zida, mmodzi wodziwa thandizo loyamba, ndi mmodzi woyang'anira tsiku lonse amene sagwira khasu. Mukaphatikiza, anthu ndi 52. Mwa amenewa, 44 ndi odzala, othirira ndi onyamula mbande, ndipo 8 ndi a maudindo amene sangasiyidwe opanda munthu.

Anthu 8 amenewa apezeni poyamba, patatsala sabata zinayi, ndipo muwapemphe pamaso, mmodzimmodzi, mukutchula ntchito yake. Udindo ngati umenewu suyenda ndi chilengezo cha pagulu. Mtsogoleri wa chigawo akhale munthu amene anadzalapo mitengo, kapenanso amene ali wokonzeka kubwera tsiku lokumba kuti aphunzitsidwe, ndipo akhale wotha kuuza munthu wamkulu mwaulemu kuti mbande iyi izulidwe idzalidwenso. Mupempheni mtsogoleri aliyense kuti adzipezere yekha theka la anthu 11 a m'chigawo chake. Njira imeneyi imagwira bwino kuposa chikwangwani chilichonse, chifukwa munthu amene waitanidwa ndi mnzake womudziwa savutika kufunsa mafunso, komanso sajomba mwachisawawa. Otsalawo muwafune kudzera m'magulu amene amakumana kale, monga a masewera, a mpingo, a sukulu kapena a kuntchito. Kwa oyendetsa gulu lotere musanene kuti "mutitumizire anthu". Nenani kuti "tikupempha anthu 8 odzala mizere 4 ya chigawo B, ndipo mayina tikuwafuna pofika Lachisanu".

Si onse olembetsa amene amabwera. Wina amadwala, wina zimamugwera zadzidzidzi. Pa malo 44 aja, lembani anthu pafupifupi 55, kenako mutseke kaundula. Onse akabwera, ntchito yowapatsa ilipo: kuphimbira patsinde ndi udzu wouma, kukhoma timitengo tosonyeza pamene pali mbande, ndi kuthandiza othirira. Koma kupitirira pamenepo anthu amachuluka kuposa zida, ndipo munthu amene wataya m'mawa wake n'kungoima sabweranso ulendo wina. Komanso khamu losowa chochita limaponda mbande zodzalidwa kale.

Uthenga woitanira ukhale woti munthu akauwerenga kamodzi asafunikenso kuimba foni. Ungamveke chonchi, mutaikamo tsiku, malo ndi nambala zenizeni:

"Tikufuna anthu 44 odzala mbande 400 Loweruka pa (tsiku), ku (malo, tikumane pachipata chachikulu). Kulembetsa kuyamba 6:30 m'mawa, ntchito iyamba 7 koloko, tiweruka 11 koloko. Maenje ndi okumbiratu. Sankhani ntchito imodzi: kudzala awiriawiri (anthu 32, pamafunika kuwerama ndi kugwada), kuthirira (anthu 8, kunyamula kheni ya malita 10), kapena kukankha wilibala ya mbande (anthu 4). Simufunika kudziwa kale, tikuonetsani. Valani nsapato zotseka ndi chipewa, tengani madzi akumwa malita awiri ndi chodzitetezera ku mvula. Ngati muli ndi khasu, kheni kapena wilibala, tiuzeni polembetsa. Ntchitoyi ndi yodzipereka, palibe malipiro, ndipo aliyense adziyendera yekha. Ana osakwana zaka 16 abwere ndi wamkulu wowayang'anira. Lembetsani pofika (tsiku) pa nambala iyi."

Mawu awiri kapena atatu a mu uthengawu akufunika kuwafotokoza. Tanena kulemera kwa ntchito iliyonse mwadala. Munthu wovutika msana kapena mawondo akadziwiratu kuti kudzala n'kogwada, asankha china kapena akufunsani, m'malo mongokhala kunyumba. Okalamba, amayi oyembekezera ndi aulumali ali ndi malo enieni pa tsikuli: pa tebulo lolembera, kusunga zida, kuwerengera mbande zotuluka pamthunzi, kugawa madzi akumwa. Atchulireni ntchito zimenezi powapempha. Nkhani ya malipiro, mayendedwe ndi chakudya inenedwe poyera, kaya yankho ndi inde kapena ayi. Mukaisiya osainena, aliyense amadziganizira yekha, ndipo mkangano umabuka pa nthawi yoweruka. Ngati chakudya kulibe, nenani kuti anthu adyeretu kapena atenge kawo. Zaka za ana mungazisinthe malinga ndi malamulo a gulu lanu, koma lamulo loti mwana akhale ndi womuyang'anira lisachoke, ndipo piki ndi chikwanje zisafike m'manja mwa ana.

Pa zobweretsa, siyanitsani zinthu zitatu: zimene aliyense abweretse za thupi lake, zida zimene anthu alonjeza, ndi zimene okonza apereke. Za thupi tazitchula kale, ndipo nsapato zotseka kapena jombo musazinyengerere, chifukwa khasu likaphonya limapeza chala. Zida ndi zimene zimafuna kaundula. Mukufuna makasu 16, limodzi pa anthu awiri alionse, makheni 8, mawilibala 4, ndi mipeni kapena malezala 16 ong'ambira machubu. Mukangonena kuti "amene ali ndi zida abweretse", mutha kulandira makasu 30 popanda kheni ndi imodzi yomwe. Choncho polembetsa lembani dzina, nambala ya foni, ntchito imene wasankha, ndi chida chimene walonjeza, ndipo patatsala sabata muwerengere zimene zikusowa kuti mubwereke. Chida chilichonse chikafika chilembedwe dzina la mwini wake pa mpini ndi penti kapena pa kansalu komangirira. Munthu amene khasu lake linasowa pa ntchito yodzipereka sabwereketsanso. Okonza abweretse bokosi la thandizo loyamba, madzi akumwa oonjezera, sopo ndi madzi osamba m'manja, matumba otoleramo machubu, ndi magolovesi angapo a amene alibe. Onaninso nkhani ya chimbudzi. Ngati pafupi palibe, konzani kapena auzeni anthu asananyamuke. Manambala a foni amene mwatolera agwire ntchito ya tsikuli yokha, ndipo ngati mudzajambula zithunzi, funsani chilolezo polembetsa.

Patatsala sabata imodzi, tumizani chikumbutso kwa onse. Patatsala masiku awiri, mtsogoleri aliyense aimbire anthu ake ndi kupempha yankho la inde kapena ayi. Apa m'pamene mumadziwa chiwerengero chenicheni. Amene sakuyankha foni kapena akuti "ndiona" muwawerengere ngati sabwera. Uthenga womalizawu unenenso za mvula: ndani asankhe ngati ntchito ikuimitsidwa, adzalengeza nthawi yanji, ndipo tsiku lolowa m'malo ndi liti. Mvula yowaza si chifukwa choimitsira, ndipo mitambo ndi yabwino kwa mbande. Mphezi ndi chifukwa chokwanira, chimodzimodzinso maenje odzaza madzi, chifukwa mbande yodzalidwa m'matope mizu yake imasowa mpweya, ndipo dothi lopondedwa lili chinyowere limadzauma gwa.

Nthawi ya m'mawa taisankha chifukwa cha anthu ndi mbande zomwe. Atsogoleri afike 6 koloko. Kulembetsa kuthe 7 koloko, ndipo wobwera aliyense achoke pa tebulo akudziwa chigawo chake, mzere wake ndi mnzake. Kuyambira 7 koloko mpaka 7:20 mtsogoleri aliyense aonetse anthu ake 11 kadzalidwe pa dzenje lenileni. Musasonkhanitse anthu 50 mozungulira dzenje limodzi, chifukwa akumbuyo saona kanthu. Kudzala kuyambe 7:20 mpaka 8:50, mupume mphindi 20, mupitirize 9:10 mpaka 10:10, ndipo nthawi yotsalayo ikhale yoyendera mizere, kutolera zinyalala ndi kubweza zida. Ngati pali alendo ofuna kulankhula, apatseni mphindi zochepa kumapeto kapena pa nthawi yopuma. Zolankhula zikayamba m'mawa, maola ozizira amatha anthu atakhala pansi. Ndipo nthawi yoweruka imene munalonjeza muisunge ngakhale mbande zitatsala.

Tiyerekeze tsopano kuti pa anthu 44 aja pabwera 33 okha. Musachotse othirira kuti mudzaze mizere yonse. Tsekani chigawo D, mbande zake 100 zikhale pamthunzi zitathiriridwa, ndipo zigawo zitatu zigwire ndi anthu okwanira. Amene amaliza msanga angayambe D ngati nthawi ndi madzi zilipo, apo ayi D idzadzalidwa tsiku lina. Mbande ili m'chubu pamthunzi imadikira masiku angapo popanda vuto, pamene yodzalidwa mothamanga n'kusiyidwa yosathirira imatha kufota tsiku lomwelo.

Mphindi 20 zoonetsa zija zikhudze zolakwika zimene anthu atsopano amachita kawirikawiri, chifukwa ndi zomwe zimapha mbande. Mbande inyamulidwe pa chubu, osati pa tsinde, kuti mizu isadukire m'kati. Chubu ching'ambidwe m'mbali ndi kuchotsedwa chonse dothi la mizu lisanagumuke, ndipo n'chifukwa chake mbande zimathiriridwa madzulo a dzulo lake. Mizu imene yazungulira pansi pa chubu iwongoledwe kapena idulidwe. Dothi libwezedwe m'dzenje kaye mpaka mulingo woti pamwamba pa dothi la m'chubu pafanane ndi nthaka yozungulira. Anthu ambiri amaika mbande pansi penipeni pa dzenje la masentimita 40 n'kukwirira tsinde, poganiza kuti akuiteteza, koma tsinde lokwiririka limaola. Pomaliza dothi litsindiridwe ndi manja kapena phazi mofatsa, pazungulidwe kabeseni kosunga madzi, ndipo udzu wophimbira usakhudze tsinde.

Mtsogoleri asadzale. Ntchito yake ndi kuyendera mbande ziwiri zoyamba za anthu awiri alionse, chifukwa cholakwika chikagwidwa pa mbande yachiwiri chimakonzedwa kamodzi, koma chikaoneka kumapeto chakhudza mzere wonse. Njira zoyesera n'zosavuta. Kokani tsinde pang'ono ndi zala ziwiri: ikagwedezeka kapena kukwera, dothi silinatsindiridwe. Fukulani pang'ono patsinde ndi chala: ngati mwalowa kupitirira mfundo imodzi ya chala musanapeze dothi la m'chubu, yazama. Ndipo anthu awiri alionse abweze machubu opanda kanthu 25 akamaliza mzere. Akabweza 22, ndiye kuti pali mbande zitatu zimene zakwiriridwa ndi chubu kapena machubu atatu amene atayidwa m'munda, ndipo zonsezi ziyenera kufufuzidwa anthu asanabalalike.

Pa kaundula yemweyo ikani funso lina: ndani angabwerenso kudzasamalira? Funsani polembetsa, ndipo mufunsenso pa nthawi yopuma, anthu akuona mizere yawo. Simukufuna ambiri. Anthu awiri kapena atatu pa chigawo chilichonse akwanira, bola akhale okhala pafupi ndi malowo ndipo apatsidwe masiku enieni. Ntchito yawo ndi kuthirira mvula ikadula kwa sabata, kupalira mozungulira tsinde, kukonza zotchinga ngati pali ziweto, ndi kulambula udzu m'malire nyengo ya moto isanafike. Ngati amene wakupatsani mbande angathe, pemphani zina 40 zoonjezera muzisunge pamthunzi. Patatha sabata zitatu kapena zinayi, osamalirawo ayende mzere ndi mzere, alembe zimene zafa pa chigawo chilichonse, ndipo abwezeretse dothi likadali lonyowa. Chiwerengerocho muwatumizire onse amene anabwera, chigawo ndi chigawo, pamodzi ndi tsiku la ntchito yotsatira.